Galafu ya malikisi a ophunzira 80: zolemba za sabata imene ndinkafuna mediyani

Lolemba

Ndamaliza kuchonga mayeso a masamu. Olemba analipo 80, mayeso anali a malikisi 100, ndipo palibe amene ndampatsa theka la malikisi, choncho manambala onse ndi athunthu. Wotsikitsitsa wapeza 12, wapamwamba 88. Ntchito imene ndadzipatsa sabata ino ndi kujambula galafu ya chiwerengero chophatikiza, ija mabuku amaitcha kyumuletivi firikwensi, kenako n'kuwerengapo mediyani, ndiye kuti malikisi a munthu amene angaime pakati penipeni onse atandanda kuyambira wotsika kukafika wapamwamba. Ndikufuna Lachisanu ndidzaigwiritse ntchito m'kalasi, ophunzirawo aone malikisi awo omwe atasanduka mzere papepala. Mayina sindilembapo.

Lero ndangogawa malikisi m'magulu. Ndasankha magulu a malikisi khumikhumi, kuyambira 10 mpaka 19, kenako 20 mpaka 29, choncho mpaka 80 mpaka 89. Atuluka magulu asanu ndi atatu. Ndimawerenga mndandanda kuchokera pamwamba, malikisi alionse n'kuika kamzere pagulu lake, kachisanu n'kudutsitsa pa tinayi tija kuti kuwerenga kusavute.

Nditaphatikiza zonse zakwana 79. Mmodzi wasowa. Ndabwereza kawiri osampeza, mpaka ndinachita kutenga rula n'kumaphimba mzere uliwonse ndikauwerenga. Kunapezeka kuti ophunzira awiri otsatizana pamndandanda onse anapeza 47, ndiye diso linangowaona ngati munthu mmodzi. Gulu la 40 mpaka 49 lili ndi anthu 16, osati 15. Mphindi makumi awiri zathera pamenepo, koma sindikudandaula, chifukwa munthu wosowayo anali m'munsi mwa pakati pomwe, ndipo kusowa kwake kukadakankha yankho.

Tebulo lakhala motere. Nambala yoyamba pambuyo pa gulu ndi anthu a m'gululo, yachiwiri ndi chiwerengero chophatikiza, kutanthauza anthu a m'gululo kuphatikiza onse a m'magulu a m'mbuyo.

| Malikisi | Ophunzira | Chophatikiza |
|---|---|---|
| 10–19 | 3 | 3 |
| 20–29 | 7 | 10 |
| 30–39 | 12 | 22 |
| 40–49 | 16 | 38 |
| 50–59 | 19 | 57 |
| 60–69 | 13 | 70 |
| 70–79 | 7 | 77 |
| 80–89 | 3 | 80 |

Nambala yomaliza ya kumanjako iyenera kufanana ndi chiwerengero cha onse amene analemba. Yafanana. Ndalekera pomwepo.

Lachiwiri

Kukonza pepala. Pepala langa la galafu lili ndi timabokosi ta mamilimita 2, ndipo timabokosi khumi timapanga bokosi lalikulu la masentimita 2. Pamzere wogona ndaika malikisi: masentimita 2 akuimira malikisi 10, ndiye kabokosi kamodzi ndi malikisi amodzi. Kuchokera pa 0 kufika pa 90 ndi masentimita 18. Pamzere woima ndaika chiwerengero chophatikiza: masentimita 2 akuimira ophunzira 10, kabokosi kamodzi munthu mmodzi, ndipo 80 akutenga masentimita 16. Zalowa bwino papepala limodzi.

Ndinayamba ndaganiza zoti masentimita 2 aimire ophunzira 15 kuti m'munsi mutsale malo olembapo. Ndasiya. Kabokosi kamodzi kakanakhala munthu mmodzi ndi theka, ndipo kupeza pamene pali 38 kukanafuna kalikuleta. Sikelo yotero imabala zolakwa musanajambule n'komwe.

Kenako ndaika timadontho, ndalumikiza, ndipo mzere watuluka wokongola, wokhota ngati chilembo cha S chotambasuka. Theka la 80 ndi 40. Ndayika rula pa 40 pamzere woima, ndajambula mzere wodukizadukiza chopingasa mpaka kugunda mzere wokhota uja, ndatsika nawo pansi. Wagwera pakati pa 45 ndi 46. Ndalemba kuti mediyani ndi pafupifupi 45.5, ndapinda pepala, ndili wokhutira.

Lachitatu

Za dzulozo n'zolakwika, ndipo wandigwira ndi mphunzitsi mnzanga amene timakhala naye tebulo limodzi. Galafu sanaiyang'ane n'komwe kwenikweni. Anangoona tebulo la manambala lija, n'kuona 45.5 amene ndinalemba pakona, n'kundifunsa kuti, “Aphunzitsi, amene apeza 49 kutsika m'munsi ndi angati?”

Ndinati 38.

“Nanga munthu wa nambala 40 wapezeka bwanji ndi 45?”

Ndinangoti kakasi. Ngati anthu 38 okha ndi amene sanafike pa 50, ndiye kuti wa nambala 39, wa 40 ndi wa 41 onse ali m'gulu la 50 mpaka 59. Mediyani singatsike kuposa 50. Tebulo linali litanena kale zimenezi ndisanagwire pensulo.

Chimene ndinachita dzulo ndi ichi: timadontho ndinatiika pakatikati pa gulu lililonse. Gulu la 40 mpaka 49 pakati pake ndi 44.5, ndiye 38 ndinamuika pamwamba pa 44.5, ndipo 57 pamwamba pa 54.5. Dzanja linangotsata chizolowezi, poti sabata yathayi timawerengera avereji kuchokera pa tebulo la magulu, ndipo kumeneko nambala yapakati pa gulu ndi imene imagwiradi ntchito, imaimirira gulu lonse. Kuno ayi.

Chifukwa chake chimamveka mukaliwerenga dontho ngati chiganizo. Dontho lililonse pagalafu imeneyi likunena kuti, “anthu akutiakuti apeza malikisi osapitirira apa.” Dontho langa la dzulo, 38 pamwamba pa 44.5, limanena kuti anthu 38 apeza malikisi osapitirira 44.5. Limenelo ndi bodza. Awiri aja a 47 ali m'kati mwa 38 amenewo, pamodzi ndi ena a 45, 48 ndi 49. Anthu 38 amakwanira pokhapokha gulu lonse litatha, litalowa lonse m'chiwerengero, ndipo gulu limathera kumalire ake a kumtunda. Dontho liyenera kukhala pamenepo.

Poti gulu lililonse ndi la malikisi khumi, kuchoka pamalire kubwerera pakati ndi malikisi asanu. Mzere wanga wonse unasunthira kumanzere ndi malikisi asanu, osasintha maonekedwe ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake sindinakayike. Ukanakhala wopindika mwachilendo ndikanadabwa, koma unali wooneka bwino ngati wa m'buku, ungoti wakhala pamalo polakwika. Diso silingagwire cholakwa chimenechi. Chimachigwira ndi tebulo, mukayamba mwafunsa kuti munthu wapakati ali m'gulu liti.

Ndatenga pepala latsopano. Kufufuta kukanasiya mzukwa wa mzere wakale, ndipo ndikudziwa kuti dzanja likanautsatira.

Tsopano malire a kumtundawo ndi ati, 49 kapena 49.5? Apa tinakambirana kwa kanthawi. Gulu lina likuthera pa 49, linzake likuyambira pa 50, ndiye pamzere wogona pakutsala kampata pakati pa 49 ndi 50 kopanda mwini. Mzere wokhota suduka, umadutsa pakampatako, choncho timakagawa pakati: gulu la m'munsi lifike pa 49.5, la kumtunda liyambire pa 49.5 pomwepo. Mnzangayo anati iye anaphunzira kuika dontho pa 49 penipeni, poti malikisi ndi athunthu ndipo “anthu 38 apeza 49 kapena kucheperapo” ndi chiganizo choona. Sakunama, ndipo mabuku ena amaterodi. Kusiyana kwake ndi theka la malikisi basi pa yankho. Ine ndatsata 49.5, chifukwa potero gulu lililonse likutenga danga la malikisi khumi enieni, kuchokera 39.5 kufika 49.5, ndipo masamu oyesera yankho amagwirizana ndi chojambulacho. Chofunika n'kusasakaniza njira ziwirizi pagalafu imodzi. Magulu akanalembedwa mwa mtundu wa `40 ≤ x < 50`, funsoli silikanabuka, dontho likanangopita pa 50.

Timadontho tatsopano ndi iti: 3 pa 19.5, 10 pa 29.5, 22 pa 39.5, 38 pa 49.5, 57 pa 59.5, 70 pa 69.5, 77 pa 79.5, ndi 80 pa 89.5. Theka lija papepala langa ndi pakati pa kabokosi, milimita imodzi kuchokera pamzere, ndiye pensulo inafunika kusongola kaye.

Palinso dontho lachisanu ndi chinayi lomwe mulibe m'tebulo, ndipo dzulo ndinaliiwala: 0 pa 9.5. Nalo ndi chiganizo choona, palibe amene wapeza malikisi osafika pamalire a m'munsi a gulu loyamba. Mzere uyenera kuyambira pansi pamenepo. Dzulo ndinaukokera ku ngodya kumene mizere iwiri ija imakumana, pa 0 ndi 0, ngati kuti pali anthu amene anapeza 4 kapena 7. Kulibe. Mediyani sizikanaikhudza, komabe galafu inkanena za anthu amene sanabadwe.

Lachinayi m'mawa

Kulumikiza timadontho. Ndachita ndi dzanja, osati rula, ndipo ndinatembenuza pepala kuti dzanja likhale m'kati mwa kukhotako, chifukwa mkono umazungulira bwino motero kusiyana ndi kukankhira kunja. Poti S amakhota mbali ziwiri, pepala ndinalitembenuza kawiri, theka la m'munsi payekha, la kumtunda payekha. Ndinayamba ndi mzere wosaoneka kwambiri, n'kuudetsa nditakhutira kuti wadutsa pa dontho lililonse. Apa sipofuna mzere wongodutsa pafupi ndi timadontho ayi. Dontho lililonse ndi chiwerengero chenicheni cha anthu, mzere uligunde.

Pakati pa 79.5 ndi 89.5 dzanja linathamanga, mzere unakwera kupitirira 80 n'kutsikira padontho lomaliza. Ndafufuta. Mzere umenewu sutsika, chifukwa chiwerengero chophatikiza sichichepa: anthu amene mwawawerenga kale sangachokemo. Ukhoza kugona chopingasa ngati gulu lina mulibe munthu, koma kutsika ayi, ndipo sungapitirire chiwerengero cha onse.

Kuwerenga tsopano. Rula pa 40, chopingasa mpaka pamzere wokhota, kutsika pansi. Wagwera pakati pa 50 ndi 51, kupendekera pang'ono ku 51. Ndalemba kuti pafupifupi 50.5. Zagwirizana ndi funso la mnzanga lija: yankho lili m'gulu la 50 mpaka 59, ndipo lili koyambirira kwa gululo, monga ziyenera kukhalira poti kuchokera pa 38 tikungofuna anthu awiri okha kuti tifike pa 40.

Ndayesa ndi masamu kuti ndione ngati pensulo sinandinamize. Gululi lili ndi anthu 19 m'danga la malikisi 10. Tikayerekeza kuti anthuwo atayana mofanana m'dangamo, ndiye kuti tikufuna kulowamo magawo awiri mwa magawo 19.

```
49.5 + (40 − 38) ÷ 19 × 10 = 50.55
```

Kumeneku n'chimodzimodzi kulumikiza dontho la 38 ndi la 57 ndi rula m'malo mwa dzanja. Ena amajambula galafu yonse ndi mizere yowongoka yotero, ndipo si kulakwa. Pakatikati apa mzere wokhota ndi wowongoka amatsala pang'ono kugonerana, ndiye mayankho amasiyana pang'ono kwambiri moti papepala simungaone. Ndikaika 44.5 m'malo mwa 49.5 m'masamu omwewa ndikupeza 45.55, yankho langa la Lachiwiri lija ndendende. Zandikhazika mtima pansi kudziwa kuti cholakwa chimene chinasokoneza yankho chinali chimodzi chokhacho.

Funso limene ndikudziwa kuti lidzabwera m'kalasi ndi lakuti bwanji 40, osati 40.5. Tinawaphunzitsa kuti pamndandanda wa manambala malo a mediyani amapezeka ndi `(n + 1) ÷ 2`, ndipo kwa anthu 80 zimapereka 40.5, kutanthauza pakati pa munthu wa 40 ndi wa 41. Pamndandanda n'zoona, chifukwa mukuwerenga anthu mmodzimmodzi kuyambira pa 1. Pagalafu mzere woima ukuyambira pa 0 kukafika pa 80 mosadukiza, ndipo pakati pa msinkhu umenewo ndi 40, ndiye timagwiritsa `n ÷ 2`. Ndayesa zonse ziwiri. Ndi 40.5 yankho likutuluka 50.8 m'malo mwa 50.55. Kusiyanako ndi kotala ya malikisi, papepala langa theka la milimita, kunenepa kwa mzere wa pensulo. Sindidzatayirapo nthawi yambiri.

Lachinayi madzulo

Poti malikisi enieni ndili nawo, ndaganiza zoona mediyani yeniyeni. Sindinafunike kundandalika onse 80. Ndikudziwa kuti 38 ali m'munsi, ndiye ndangondandalika a m'gulu la 50 mpaka 59: 50, 51, 51, 52, 52, 53, 53, 54, 54, 55, 55, 55, 56, 56, 57, 57, 58, 58, 59. Woyambayo ndi munthu wa nambala 39. Wa 40 ali ndi 51, wa 41 alinso ndi 51. Mediyani yeniyeni ndi 51.

Galafu yati 50.5, malikisi enieni ati 51. Kuphonya ndi theka. Poyamba zinandinyansa pang'ono, nditavutika chonchi. Koma galafu sikanachitira mwina. Pamene ndinaika malikisi m'magulu Lolemba lija, ndinataya zina. Tebulo likudziwa kuti m'gulu muli anthu 19, koma silidziwa kuti akhala pati m'kati mwa gululo. Mzere pakati pa timadontho tiwiri ndi kungoyerekeza.

Ndipotu ndachita mwayi kuti anthu 19 amenewa atayana bwino kuchokera 50 mpaka 59. Tiyerekeze kuti atatu otsika m'gululo akanapeza 50, 54 ndi 55, ena onse n'kuunjikana kumtunda. Tebulo likanakhala lomweli, timadontho tomweti, mzere womwewu, yankho la pagalafu 50.5 yemweyu, koma mediyani yeniyeni ikanakhala 54.5. Palibe chilichonse papepala la galafu chimene chikanandichenjeza. Chimene galafu ikulonjeza motsimikiza ndi gulu limene mediyani ilimo. Malo enieni m'kati mwa gululo ikungopenekera, ndipo magulu akakula kupenekerako kumakulanso. N'chifukwa chake ndachotsa maganizo olemba 50.55 pa bolodi ngati yankho. Manambala awiri pambuyo pa kadontho akunamizira kulondola kumene kulibe. Ndidzalemba kuti pafupifupi 51, kapena 50.5, ndipo wophunzira amene wawerenga 50 kapena 51 pagalafu yake yojambulidwa bwino ndidzamchongera.

Chinanso chimene ndaona ndikuyendetsa rula m'mwamba ndi m'munsi: mediyani imawerengeka bwino chifukwa ili pamene mzere waima kwambiri. Pakati pa 49.5 ndi 59.5 mzere ukukwera ndi anthu 19 pa malikisi khumi. Rula ikaterereka ndi kabokosi kamodzi, munthu mmodzi, yankho likusuntha ndi theka la malikisi basi. Kumtunda kwenikweni, pakati pa 79.5 ndi 89.5, mzere wagona, ukukwera ndi anthu atatu okha pa malikisi khumi. Kumeneko kuterereka komweko kukusuntha yankho ndi malikisi opitirira atatu. Wina akadzandifunsa kuti munthu wa nambala 79 anapeza zingati, sindidzamuyankha ndi galafu.

Pokhala pepala linali kale patebulo, ndawerengaponso makota awiri. Kotala ya 80 ndi 20, ndipo rula pa 20 yanditsitsira pafupi ndi 38. Makota atatu ndi 60, yanditsitsira pafupi ndi 62. Ndiye theka la kalasi, anthu 40 apakatiwo, ali pakati pa malikisi 38 ndi 62, danga la malikisi 24. Izi ndizisunga, mwina sabata yamawa.

Lachisanu

Ndapereka tebulo kwa ophunzira, la magulu ndi chiwerengero cha gulu lililonse lokha, kuti chophatikiza apange okha. Ndisanagawe mapepala a galafu ndinafunsa funso la mnzanga lija, kuti munthu wa nambala 40 ali m'gulu liti, ndipo aliyense alembe gululo pamwamba pa pepala lake. Ambiri analemba 50 mpaka 59. Owerengeka analemba 40 mpaka 49, poti 40 waoneka m'dzina la gululo. Kumeneko ndi kusokoneza munthu wa nambala 40 ndi malikisi 40, ndipo sindinakuyembekezere. Ndi omwewo amene pambuyo pake anaika rula pa 40 wa pamzere wogona, kukwera m'mwamba, n'kupeza 22 kapena 23 ngati mediyani. Ndinawafunsa kuti 23 ameneyo ndi malikisi kapena anthu. Anayang'ana mzere umene anamutengapo, n'kuseka okha.

Cholakwa changa cha Lachiwiri chinabweranso, m'mapepala angapo. Sindinawauze kuti alakwa. Ndimangoloza dontho limodzi n'kunena kuti, “Tandiwerengera dontho ili mokweza.” Mtsikana wina anayamba bwinobwino, “Anthu 38 apeza malikisi osapitirira 44 ndi theka,” kenako anaima. “Koma aphunzitsi, ine ndinapeza 48, ndipo ndili m'gulu lomweli.” Anatenga chofufutira ndisanayankhe.

Mnyamata wina anajambula manambala a gulu lililonse, 3, 7, 12, 16, 19, 13, m'malo mwa ophatikiza, ndiye mzere wake unakwera n'kutsika ngati phiri, osafika n'komwe pa 40. Iyeyu anadzigwira yekha atasowa pogunda rula.

Nthawi inatha tisanafike pa funso lomaliza limene ndinakonza, loti ndi angati apeza 65 kapena kuposerapo. Pamenepo rula imayambira pansi, pa 64.5, kukwera mpaka pamzere wokhota, n'kupita kumanzere, ndipo imagwera cha pa 64. Amenewo ndi amene sanafike pa 65, ndiye muyenera kuwachotsa pa 80 kuti mupeze anthu pafupifupi 16. Ndikuyembekeza kuti ambiri adzalemba 64 n'kulekera pomwepo. Lolemba tiyambira pamenepo, ndipo ndisanapite m'kalasi ndiyenera kundandalika malikisi 13 a gulu la 60 mpaka 69 kuti tidzayerekeze 16 ameneyo ndi chiwerengero chenicheni.